Kukulitsa chithunzi cha loji kuti chikwane bolodi ya mamita 2.4

"Akuluakulu mundithandize. Ndikumanga kaloji cha ku Makawa ndipo ndikufuna kuika chikwangwani pageti chosonyeza mmene malowo adzaonekere akatha. Chithunzi ndinapangitsa ndi pulogalamu zopanga zithunzi zija, ndi cha 1536 x 1024. Bolodi ndi ya mamita 2.4 m'litali, 1.2 m'lifupi. Opulinta akuti chidzatuluka chosaoneka bwino. Ndichikulitse bwanji kuti udzu wapadenga ndi njerwa zizionekabe?"

Achemwali, opulintawo sanakunamizeni, koma chithunzicho musachitaye. Ndakonzapo zikwangwani zingapo zam'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay, ndipo ndisanatsegule pulogalamu iliyonse ndimayamba ndafunsa kuti munthu woona bolodiyo adzaima pati. Yankho lake ndi limene limatiuza mapikiseli ofunika.

Bolodi yanu ndi ija ya mafiti 8 kwa 4, kutanthauza mainchi 96 m'litali ndi 48 m'lifupi. Litali lake ndi lifupi kawiri. Chithunzi chanu sichili choncho, ndiye kuti chikwane muyenera kudula kumwamba kapena kunsi mpaka chitsale 1536 x 768. Dulani nokha pano, musanachite china chilichonse, chifukwa mukasiyira opulinta ena amangochikoka kuti chidzaze bolodi ndipo nyumba imatuluka yophwatalala. Mukagawa 1536 ndi 96 mupeza mapikiseli 16 pa inchi iliyonse. Pikiseli imodzi idzaposa milimita imodzi ndi theka, ndipo munthu amene waima pageti adzaona timabokosi.

Koma musaopsedwe ndi nambala ya mapikiseli 300 pa inchi imene anthu amakonda kutchula. Imeneyo ndi ya mabuku ndi makalendala, zinthu zimene timaona titazigwira m'manja. Diso la munthu woona bwino lili ndi malire, ndipo pali kasamu kophweka kamene timagwiritsa ntchito: tengani 87 mugawe ndi mtunda wa munthuyo m'mamita, yankho lake ndi mapikiseli pa inchi amene akukwanira. Woima pa mita imodzi akufuna 87. Woima pa mamita atatu akufuna 29 basi. Wodutsa pa minibasi ali mamita khumi, 9 amukwanira. Yanuyi ndi yapageti, anthu adzatsika pagalimoto n'kuyandikira kuti aone zipinda, ndiye tiyerekeze mita imodzi ndi theka. Pamenepo mukufuna pafupifupi 58. Mukakulitsa chithunzi chanu kanayi chidzakhala 6144 x 3072, amene ali mapikiseli 64 pa inchi. Zakwana. Palibe chifukwa chopitira kasanu ndi katatu. Mudzangolemetsa fayilo ndi kuwonjezera zinthu zopeka.

Ndanena kuti zopeka chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Pulogalamu yokulitsa sivumbulutsa zimene zinabisika m'chithunzi, chifukwa mulibe chobisika. Pamene panali pikiseli imodzi ikuyenera kuikapo 16, ndipo imachita kuganizira kuti pamenepo payenera kukhala chiyani potengera zithunzi zimene inaphunzirapo. Pa mizere yowongoka monga mafelemu a mawindo, zipilala ndi m'mphepete mwa khoma imaganiza bwino kwambiri. Pa zinthu zosokonekera monga udzu wapadenga, mchenga, masamba a migwalangwa ndi timafunde tapanyanja imalephera kawirikawiri. Udzu umasanduka ngati tsitsi lopesa lopaka mafuta, mchenga umasalala ngati simenti, ndipo nkhope za anthu akutali zimapindika. Mwatsoka zimene mukufuna kuteteza ndi zomwezo.

Choncho musanakulitse, tsegulani chithunzicho pa kompyuta, muchiyandikitse pa 300%, muyende nacho ngodya ndi ngodya. Zithunzi zopangidwa ndi makina zimakhala ndi zolakwika zimene pafoni sizioneka: mpando wa miyendo isanu, masitepe osafika pansi, bwato lolowa m'mwala, munthu wa zala zisanu ndi chimodzi. Pa bolodi ya mamita 2.4 aliyense adzaziona. Konzani zikadali zazing'ono, pozifufuta kapena kupangitsanso kachigawo komweko. Anthu ang'onoang'ono akumbuyo ine ndimangowachotsa. Ndipo ngati pulogalamu imene munapangira imalola kutsitsa fayilo ya PNG, tengani imeneyo, osati imene yadutsa kale m'mafoni a anthu. JPEG imakhala ndi tizinyalala m'mbali mwa mizere, ndipo pulogalamu yokulitsa imatiyesa mbali ya chithunzi n'kutinola.

Pokulitsapo ndikulangizani Upscayl. Ndi yaulere, ndipo mukaitsitsa kamodzi imagwira ntchito popanda intaneti, zimene ndi zabwino ndi mmene bando ikudulira. Imafuna kompyuta yokhala ndi khadi ya zithunzi yogwirizana ndi Vulkan, ndiye pa malaputopu ena akale imakana kapena imachedwa kwambiri. Sankhani `4x`, fayilo ituluke PNG, ndipo `Double Upscayl` muisiye osaiyatsa. Yesani mamodelo awiri kapena atatu amene alimo, chifukwa aliyense amachita mosiyana pa udzu, ndipo ya zojambula zamakatuni muipewe. Amene anazolowera kulemba malamulo pa kompyuta angagwiritse Real-ESRGAN mwachindunji:

```
realesrgan-ncnn-vulkan -i loji.png -o loji4x.png -n realesrgan-x4plus -s 4 -t 256
```

Kachidutswa ka `-t 256` kamauza pulogalamu kuti igwire chithunzi m'zigawo zazing'ono, ndipo kamathandiza kompyuta ikamadandaula kuti memore yachepa.

Tsopano za udzu, ndipo apa mundimvetsere bwino chifukwa ambiri amalekera pa sitepe yapitayo n'kuthamangira kokapulinta. Mupange zithunzi zazikulu ziwiri. China ndi chochokera ku Upscayl. China mupange mu GIMP, imenenso ndi yaulere: tengani choyambirira chija cha 1536 x 768, pitani ku `Image > Scale Image`, lembani 6144 x 3072, musankhe `Cubic`. Chimenechi chidzaoneka chofewa, ngati chili ndi kankhungu, koma sichinapeke kanthu, ndipo kusakanikirana kwa mitundu ya udzu kukadali mmene kunalili. Ikani chofewacho pansi, cha Upscayl pamwamba pake ngati leya yachiwiri. Pa leya yapamwambayo dinani `Add Layer Mask`, musankhe yoyera, kenako mutenge bulashi yofewa ya mtundu wotuwa mupake padenga, pamchenga ndi pamasamba. Pamene mwapaka, chapansi chija chimayamba kuonekera pang'ono, ndipo kunyezimira kwa pulasitiki kuja kumachepa. Makoma, zitseko ndi mawindo musakhudze, zisiyeni zakuthwa. Sindingakupatseni nambala imodzi ya kuchuluka kwake chifukwa zimadalira chithunzi, koma ine ndimayambira pa theka n'kumaona.

Mukamaliza, phatikizani maleya awiriwo ndipo muwaze kachiphokoso pang'ono pa chithunzi chonse kudzera ku `Filters > Noise > HSV Noise`. Ndi timadontho tosaoneka bwinobwino, ngati fumbi. Pa sikirini mungaganize kuti mukuwononga, koma pa bolodi timachititsa kuti khoma lioneke ngati khoma lenileni, komanso timabisa mizeremizere imene imatuluka kuthambo pamene mtundu wabuluu ukusintha pang'onopang'ono kutsikira kunyanja. Kakhale kochepa kwambiri: mukakaona mutaima patali ndi sikirini, mwachulutsa.

Dzina la loji, nambala ya foni ndi chizindikiro chanu zisalowe mu Upscayl ngakhale pang'ono. Ngati chithunzicho chili kale ndi zilembo zolembedwa ndi makina, zifufuteni. Mawu alembedwe pamapeto mu CorelDRAW kapena Inkscape, pamwamba pa chithunzi chokulitsidwa, chifukwa zilembo zam'mapulogalamu amenewa sizidalira mapikiseli ndipo zimatuluka zakuthwa pa saizi iliyonse. Zisandutseni mizere musanapange PDF, mu CorelDRAW ndi `Convert to Curves`, kuti kompyuta ya opulinta isasinthe kalembedwe kake. Afunseninso kuti felemu ya bolodi idzadya masentimita angati m'mbali, mawu akhale kutali ndi kumeneko.

Musanalipire bolodi yonse, yesani kachidutswa. Dulani mapikiseli 748 x 529 pamene pali denga ndi windo, mupulinte kuti kadzaze pepala la A4 chopingasa. Masamu ake ndi akuti pa mapikiseli 64 pa inchi, kachidutswa kameneko ndi kofanana ndi pepalalo, ndiye mukuona saizi yeniyeni ya pa bolodi. Matani pakhoma panja, muime mita imodzi ndi theka, kenako mamita atatu. Udzu ukaoneka ngati udzu pamenepo, mwamaliza. Koposa apo ndi kupempha opulinta akutulutsireni theka la mita pa makina awo ndi pa chinthu chenichenicho. Ndi ndalama yochepa, ndipo mudzaonanso mtundu wa madzi. Buluu wowala wam'sikirini inki siukwanitsa, amatuluka wozimirira kapena wopendekera kofiirira, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezi pa theka la mita kusiyana ndi pa bolodi yonse.

Pa chinthu chopulintapo, popeza anthu adzayandikira, ndingasankhe sitika yomata pa bolodi yosalala kusiyana ndi bana. Bana ili ndi ulusi m'kati umene umaoneka pafupi n'kumeza tinthu ting'onoting'ono timene mwavutika nato. Sitikayo aikute ndi pulasitiki yoteteza, yosanyezimira, chifukwa dzuwa la kuno limadya inki msanga, ndipo yonyezimira imathobwa m'maso masana.

Chomaliza ndi chimene chinandipweteka ine. Tsiku lina ndinakonza bolodi ya kasitomala usiku wonse, m'mawa n'kutumiza kwa opulinta ena ku Blantyre pa WhatsApp ngati chithunzi wamba. Fayilo inafika ili ndi mapikiseli 1600 m'litali, iwo sanafunse, anangopulinta. Bolodi itabwera pa basi ndinapeza timabokosi tokhatokha, ndipo ndinalipira yachiwiri ndi ndalama zanga. Inuyo pa 1600 mungabwerere ku mapikiseli 17 pa inchi, pafupifupi pamene munayambira. Tumizani ngati `Document`, kapena pa Google Drive, kapena muwapititsire pa fulashi. Chithunzi cha 6144 x 3072 chosapanikiza chimalemera pafupifupi 57 MB, ndiye musadabwe fayilo ikakhala yaikulu. Ikafika, auzeni aitsegule akuwerengereni kukula kwake. Mukamva 6144, kapena ngati ndi PDF akakuuzani kuti tsamba ndi la mamita 2.4 ndipo fayilo ikulemera mofanana ndi imene munatumiza, aloleni ayatse makina.