Katundu wa pa webusaiti akusiyana ndi wa m'shopu

"Ndili ndi shopu ya zitenje pa boma pa Dedza. Katundu ndimalemba mu Google Sheets, ndipo ndimagulitsanso pa webusaiti ya WooCommerce. Madzulo aliwonse ndimatumiza manambala ku webusaiti, koma anthu akumalipira zitenje zoti zinatha kale. Ndikulakwitsa pati?"

Mayi, vuto lagona pa katumizidweko. Nambala yochokera mu Sheets ikafika pa webusaiti imafufuta yomwe inalipo, osafunsa ngati pa intaneti pagulidwa kanthu. Tiyerekeze chitenje chomwe SKU yake, nambala yochizindikiritsa, ndi CH-014. M'mawa zilipo 12, konse kuwiri kwalembedwa 12. Masana anthu aoda 3 pa intaneti, webusaiti yatsitsa yokha kufika 9. Pa kauntala mwagulitsa 2, mu Sheets mwalemba 10. Madzulo mwatumiza 10 uja, webusaiti yachoka pa 9 yakwera pa 10, pomwe zogulitsika zenizeni zatsala 7. Zitatu zamphepozo ndi zimene anthu akulipira.

Mankhwala ake ndi kusunga nambala imene mbali ziwirizi zinagwirizana komaliza. Kolamu A ikhale SKU, B nambala yanu ya m'shopu, C ya pa kugwirizanitsa komaliza, D yomwe ili pa webusaiti panopa, E yotumiza. Pitani pa Products mu WooCommerce, dinani Export, mutenge SKU ndi Stock basi, muziike pa tsamba lina la mu Sheets lotchedwa Webu, SKU mu A, Stock mu B. Kenako mu D2 ndi mu E2 mulembe:

```
=VLOOKUP(A2,Webu!A:B,2,FALSE)
=D2+(B2-C2)
```

Pa chitenje chija ndi 9+(10-12), yankho 7. Mukapikula zina 20 mumangowonjezera mu B, masamu omwewo azitengera ku webusaiti.

Tsopano samalani chimene chikuyamba ndi chotsatira, chifukwa ambiri amagwera apa. Pangani fayilo ya CSV ya makolamu awiri okha, SKU ndi Stock yochokera mu E, kuti mitengo isakhudzidwe. Pa Import chongani Update existing products. Ikatha, tsegulani zitenje ziwiri kapena zitatu pa webusaiti muone ngati nambala zasinthadi. Mukatsimikiza, ndiye mukopere E ku B, kenako B ku C, pogwiritsa ntchito Ctrl+Shift+V kuti mupite manambala okha opanda fomula. Mukathamangira kukopera, netiweki n'kuduka fayilo isanalowe, B ndi C zikhala 7 webusaiti ikadali pa 9. Mawa lake masamu apereka 9, ndipo ziwiri zija za pa kauntala zasowa osasiya mapazi.

Chitenje chooda pa intaneti muchichotse pa shelefu nthawi yomweyo, muchiike m'thumba lake, koma mu B musachotsere. Webusaiti inachotsera kale, mukabwereza chichoka kawiri. N'chimodzimodzi kasitomala amene anati atumiza pa Airtel Money kapena Mpamba n'kungoti zii: oda yake muiike pa Cancelled, WooCommerce ibweza yokha zomwe inachotsa.

Mukaona #N/A mu D, SKU sizikufanana. Kawirikawiri ndi mpata wosaoneka kumapeto, kapena 0014 yasanduka 14 chifukwa Sheets yaiyesa nambala wamba. Kolamu A ya masamba onse awiri muiike pa Format > Number > Plain text musanalembemo. Mtundu uliwonse ukhalenso ndi SKU yakeyake, chofiira ndi chobiriwira zisagawane imodzi.

Za nthawi: kamodzi madzulo n'kochepa, chifukwa tsiku lonse webusaiti sidziwa za pa kauntala. Chitani kawiri, 12 koloko masana ndi mukangotseka, ndipo pa tsiku logulitsa kwambiri, monga kumapeto kwa mwezi, onjezerani kachitatu. Pakati pa Export ndi Import pasapite mphindi zoposa zisanu, poti zimene oda yolowa pampata umenewu yachotsa zifufutikanso. Export ya m'mawa siigwira ntchito masana. Pa zotsala chimodzichimodzi, pitani WooCommerce > Settings > Products > Inventory muike Out of stock threshold pa 1, kuti chomaliza chigulidwe pa kauntala pokha. Musachotsere 1 ameneyu mu fomula ayi, azichoka ulendo uliwonse mpaka katundu kuthera pa kompyuta shelefu ili yodzaza.

Zoti zizichitika zokha n'zotheka ndi Apps Script, yomwe imayenda pa makina a Google ngakhale magetsi athime kwanuko. Koma yambani mwayendetsa pamanja masabata awiri. Amene adzakulembereni mumuuze atsate ndondomeko yomweyi, asasinthe C webusaiti isanavomere, ndipo azilemba pakona nthawi imene yayenda komaliza, kuti ikaima mudziwe tsiku lomwelo. Loweruka mukamaliza kugwirizanitsa kwa madzulo, werengani pa shelefu osaphatikiza za m'matumba a maoda. Mukapeza 6 pomwe B akuti 7, lembani 6 mu B yekha, C mumusiye pa 7, ulendo wotsatira webusaiti itsika yokha.