Za ndakatulo ija yaponyedwa pagulu usiku

"Achemwali, mwaiona ndakatulo imene mphwanga waponya pagulu lalikulu lija usiku wathawu? Sanalembepo kalikonse, ndakatulo yokha basi. Ndimuyamikire, ndimukonzere, kapena pali chimene akutiuza? Ndasowa poyambira."

Eee achimwene, ndaiona. Ndati ndikuyankheni kuno kwa ife akuluakulu, komanso pakamwa, chifukwa kulemba zonsezi zala zingatope. Choyamba, musamukonzere kanthu lero. Ndikuuzani chifukwa chake.

Tsegulaninso uthengawo muone nthawi. Waponya cha m'ma 1 koloko usiku. Ndakatuloyo ilibe mutu, pansi sanalembe dzina lake, ndipo pamzere wachitatu walemba "zina" m'malo mwa "dzina". Mwana ameneyu Chichewa amachidziwa, ndinamuphunzitsa ndekha, sangalakwitse mawu amenewo atakhala pansi n'kuwerenganso. Ndiye kuti wailembera pafoni pomwepo, n'kutumiza isanazizire. Munthu amene akufuna kuti mumukonzere satero. Mukukumbuka ija analakatula pa ukwati wa ku Malindi? Ija ananditumizira ine kumbali sabata isanakwane, ili ndi mutu, ndime zake za mizere inayiinayi, ndipo mzere womaliza anaulemba pawiri mosiyana. Naponso sanafunse kanthu, koma mizere iwiri ija ndiyo inali funso: ndisankhe uti? Wofuna kukonzeredwa amapita kwa munthu mmodzi amene akumukhulupirira, ndipo amakuonetsa pamene pakumuvuta. Saponya pagulu pamene pali agogo, azilamu ndi ana a sukulu.

Kuyamikira nako, sindikuti musamuyamikire ayi. Koma taonani zimene zachitika kale. Anzake aikapo tizithunzi ta moto, wina ta m'manja, wina walemba kuti "mlakatuli wathu", iye wangoti zii, pamene foni ikuonetsa kuti wawerenga. Akaponya ndakatulo zake zachisangalalo zija, zimene amaikanso pa sitetasi, munthu akangoyamikira amayankha pompo, mpaka kutumiza ina. Ulendo uno ayi. Kwa ine chimenecho ndi chizindikiro chachikulu kuposa zonse: chimene wapatsidwa sindicho amadikira.

Tsono tiyeni tiiwerenge bwinobwino. Mizere inayi yoyamba ija:

Bwato la atate lagona pamchenga,
chiswe chadya nkhafi,
mwera ukaomba ndimamva dzina langa,
koma ine ndili m'tauni, ndikugulitsa mayunitsi.

Achimwene, uno ndi Juni. Mwera wayamba, nyanja yakalipa, asodzi a usipa masiku ena akungokhala kumtunda kusoka makoka. Ndipo alamu, bambo ake a mwanayu, anatisiya mwezi ngati uno. Bwato lawo lija lili pomwe analikokera ku Makawa, inu mukulidziwa, lang'aluka kunsi. Mwanayu ku Lilongwe mwera sakuuona panyanja, akungomva kuzizira, koma thupi likukumbuka kuti ino ndi nyengo yanji kwawo. Ndiye akati mphepo ikumuitana dzina, n'kutsekera ndi "koma ine ndili m'tauni", mawu akuti "koma" amenewo ndiwo asenza ndakatulo yonse. Akudziimba mlandu kuti sanatenge nkhafi ya bambo ake.

Apa ndi pamene kukonza kukanapweteka. Munthu wongoyang'ana luso angati mawu akuti "mayunitsi" sakugwirizana ndi enawo, mizere itatu ikuyenda mwaulemu ndi mawu a kunyanja, kenaka mwadzidzidzi mawu a pamsika, achotsedwe. Koma ayi, pamenepo wachita bwino kwambiri. Mzerewo ukugwa pansi dala, kuti tiimve kusiyana kwa moyo wa bambo ake ndi umene ali nawo iye. Mukanamuuza kuti ausinthe, iye akanamva kuti amalume sanamve kalikonse, ndipo mwinanso akanamva kuti mukunyoza ntchito yake.

Koma chenjerani mbali inayi. Ku sekondale tikamaphunzitsa ndakatulo, funso loyamba limakhala lakuti ndani akuyankhula m'ndakatuloyi, ndipo timawauza ana kuti woyankhula si nthawi zonse amakhala mlembi. Mlakatuli atha kulemba ngati mayi wamasiye iye ali mnyamata wosakwatira. Ndakatulo imamupatsa munthu pobisala. Ngakhale a Jack Mapanje, mwana wa kwathu kuno ku Kadango, ankanena zolemera mophiphiritsa, ndipo boma la nthawi ija linawatsekera ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Mwana wathuyu sakuopa boma, akuopa ife, akuopa kuoneka wofooka pamaso pa abale. Wasankha ndakatulo kuti ngati tingamuseke athe kunena kuti "aaa, ndi ndakatulo chabe". Khomo limenelo musamutsekere. Mukalemba pagulu kuti "mphwanga, ndaona kuti ukulira bambo ako, ukufuna kubwerera kumudzi", mwamuvula pagulu, ngakhale mutalondola. Ndiponso musathamangire kuitanitsa abale kuti tikambe za bwato, iye sanapemphe zimenezo.

Ndiye chitani chonchi. Pagulu paja ikani mawu ochepa, kuti aone kuti amalume awerenga, monga "ndawerenga, ndawerenganso kachiwiri". Basi. Zenizeni mumulembere kumbali. Tengani mzere umodzi, muulembe momwe uliri ndi mawu ake omwe, munene chimene wakuchitani inuyo. Mwachitsanzo: "Paja wati chiswe chadya nkhafi pandigwira mtima, ndaona bwato la alamu m'maso mwanga." Mwaona? Simunanene kuti iye akumva chiyani, mwanena zanu. Kenaka funso limodzi lokha, losavuta kuyankha: "Kodi ukufuna ndikuuze momwe ndaimvera, kapena umangofuna tiiwerenge?" Osafunsa kuti "ukutanthauza chiyani", funso limenelo limamveka ngati mlandu, ndipo alakatuli ambiri sakonda kumasulira okha zimene alemba.

Yankho lake ndilo likuuzeni njira. Akayankha za mawu, monga "mzere womaliza sukundikhutitsa", ndiye kuti akuganiza ngati mmisiri, pamenepo kukonza kwaloledwa, ndipo muyambe ndi pamene watchula iyeyo. Akati "zikomo amalume" n'kusiyira pomwepo, landirani, amangofuna mboni, musakumbe. Akafunsa kuti "inu mwaimva bwanji?" ndiye mumasulire, koma muzinena kuti "ine ndamva chonchi", kuti akhale ndi mpata wokana. Koma akasiya ndakatuloyo n'kuyamba kukamba za bambo ake, za lendi, za kusowa tulo, siyani kulemba, muimbireni. Ine ndikuona ngati kumeneko ndiko zipite.

Pali chimodzi chimene sindifuna tichiphonye, pa iyeyu kapena mwana wina aliyense. Ndakatulo ikakhala ndi mawu otsanzika, monga "mudzandikumbuka", "ndakulemetsani mokwanira", kapena kugawa katundu wake, pamenepo sitidikira kuti tidziwe ngati akufuna kuyamikiridwa. Timaimba nthawi yomweyo, timamufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha, ndipo timatuma munthu amene ali naye pafupi akamuone. Iyi ndaiwerenga mpaka pansi ndikuyang'ana zimenezo, mulibe. Muli chisoni ndi kulakalaka kwawo. Komabe nthawi imene waiponya ija ikundiuza kuti sakugona bwino, ndiye lisathe lero musanamulembere.

Mayi ake ndiwayankhula ndine, asamufunse mafunso ambiri. "Zina" uja musamutchule n'komwe, akadzafuna kuilakatula pagulu adzabwera nayo yekha kwa ine, tidzakonza nthawi imeneyo. Mumulembere madzulo akaweruka, cha m'ma 7, ndipo akakuyankhani mundiuze.