Phewa likuphwa mkono ukakwera: yambani ndi mafupa, Shape Key ibwere pambuyo

"Achimwene, ndili ku Kapata kuno ku Chipata. Ndikupanga katuni mu Blender ya mayi wosinja chimanga mumtondo. Akangokweza munsi, phewa limaphwa n'kupotoka, m'khwapa mumalowa mkati. Weight Paint ndapenta mpaka kutopa. Ndiyatse Preserve Volume, kapena pali njira ina?" — Tiyanjane

Achemwali, burashi ija iikeni kaye pansi. Malo amene mafupa awiri akukoka mbali zosiyana, Blender imaika khungu pakati pa njira ziwirizo, ndipo pakatipo pamakhala mkati mwa thupi. N'chifukwa chake phewa limaphwa ngakhale mutapenta bwino chotani. Preserve Volume imachepetsa kuphwako, koma imatupitsa phewa pena, ndipo mukatumiza mayiyo ku pulogalamu ya magemu, nthawi zambiri satengana nayo. Ine sindiidalira.

Choyamba onani ngati `shoulder.L` ikuyenda. Munthu akakweza mkono madigiri 180, mfundo ya paphewa imapereka pafupifupi 120 okha, ena 60 amachokera ku fupa lakumbuyo kwa phewa limene limatembenuka nawo. Ambiri amazunguza `upper_arm.L` yokha mpaka kumwamba. Kwezani `shoulder.L` madigiri 25 kapena 30 munsi ukafika pamwamba, muona kuti kuphwa kwina kwachoka kale.

Tsopano kupotoka. Gwirani phewa lanu, mupotoze mkono: chigongono chikuzungulira, koma mnofu wa paphewa ungosuntha pang'ono. Mafupa anu achite chimodzimodzi. Chotsani Deform pa `upper_arm.L`, muike mafupa awiri aafupi m'litali mwake. Lakumunsi, `twist2.L`, likhale mwana wa `upper_arm.L`, lizitenga kupotoka konse. Lakumtunda, `twist1.L`, kholo lake likhale `shoulder.L`, ndipo mulipatse Damped Track yoloza `upper_arm.L`, Head/Tail pa 1, Track Axis pa Y. Likatero limatsata kumene mkono waloza, osapotoka nawo. Pentani kuti mphamvu ya `twist1.L` izitha pang'onopang'ono polowa mu `twist2.L`. Pakati pakamaoneka popyapyala mkono utapotoka madigiri 90, onjezani lachitatu lotenga theka la kupotokako.

Chimene chatsala pamenepa ndicho ntchito ya Shape Key, ndipo chiyenera kukhala chochepa: kudzaza m'khwapa, kutukumula mnofu wa paphewa, ndi kakhwinya pafupi ndi khosi. Imikani mayiyo munsi uli pamwamba, pangani kiyi yatsopano, Value pa 1. Pa Armature yatsani Edit Mode ndi On Cage kuti muzikonza mkono uli m'mwamba. Musadabwe mukakoka kadontho kumanja iko n'kupita kwina. Blender imayamba yawerenga Shape Key kenako mafupa, ndiye kukoka kwanu kumazunguzidwa ndi fupalo. Sunthani pang'ono, muone, musunthenso. Mukatsitsa mkono kiyi ili pa 1, phewa lioneka lotupa moipa, ndipo ndi mmene liyenera kuonekera.

Pamene ambiri amagwa ndi pa Driver, imene imakweza ndi kutsitsa Value ya kiyiyo potsata mkono. Amailumikiza ku X Rotation ya mkono, zimayenda pa chithunzi chimodzi, koma mkono ukakwera chakutsogolo monga posinja, manambala amalumpha, phewa n'kumaphethira. Njira yokhazikika ndi Rotational Difference, imene imayeza ngodya ya pakati pa mafupa awiri. Pangani fupa lothandiza, `up_ref.L`, lopanda Deform, kholo lake chifuwa. Mkono uli pamwamba, lipatseni Copy Rotation ya `twist1.L`, chitani Apply pa Copy Rotation imeneyo, kenako Apply Selected as Rest Pose. Mu Driver sankhani `twist1.L` ndi `up_ref.L`, mulembe:

```
1 - var / 1.05
```

Ngodyayo imabwera m'marediyani, ndipo 1.05 ndi pafupifupi madigiri 60. Choncho kiyi imayamba kulowa mkono ukatsala madigiri 60 kufika pamwamba, n'kudzaza ukafika. Nambala ikatsika pansi pa 0, Range ya kiyiyo imaidula yokha. Taonani kuti tayeza `twist1.L`, osati `upper_arm.L`. Rotational Difference imawerenganso kupotoka, ndiye mukayeza fupa lopotoka, mayiyo akangotembenuza mkono pa munsi kiyi imazima ngakhale mkono uli m'mwamba.

Chenjezo limodzi musanayambe zonsezi: ngati Mirror idakalipo, ichiteni Apply tsopano. Blender imakana kutero pa thupi limene lili kale ndi Shape Keys, ndipo mukaisiya, mkono wamanzere ukakwera mapewa onse awiri azitupa limodzi. Posinja simungazindikire, popeza manja onse amakwera pamodzi, koma tsiku limene adzakweze dzanja limodzi kupukuta thukuta zidzaoneka.

Poyesa, musangoyang'ana pamwamba penipeni. Yendetsani pang'onopang'ono pakati pa madigiri 90 ndi 130, muli kumbuyo kwa mayiyo. Phewa likatupa mkono usanafike, chepetsani 1.05 ifike 0.8. Likaphwa kaye kenako n'kudzaza, ikwezeni, kapena pangani kiyi yachiwiri ya pa 90 yokhala ndi fupa lake lothandiza.