Za malata a nyumba ya agogo zija

“Asuweni, malata a geji 28 ndi a geji 32 amasiyana chiyani?”

Eee, asuweni, mwaswera? Ndamva. Koma inu ndimakudziwani, geji simukuifuna inu. Mukufuna ndikuuzeni kuti gulani otchipawo, chenji ya ndalama tinasonkha ija itsale m'thumba. Hahaha. Ayi, ndikuseka... pang'ono.

Nambala ikamakwera, lata limapyapyala. Ndiye 28 ndi lokhuthala, 32 ndi lija mukaliponda limabonyoka, mphepo ikaomba limang'ambika pamsomali. Komanso mashopu amatchula geji mosiyana, funsani mamilimita, 0.4 kapena 0.2, aone kuti simunabwere kudzacheza.

Koma mukukumbuka amalume aang'ono? Chaka cha fodya chija, ayi, chotsatira chake, atabwera ku okushoni. Anagula okhuthala iwo, akuligogoda lata ndi chala mushopu, ati likalira bwino ndiye lenileni. Kufika kumudzi anayambana ndi kalipentala, nkhani ya njinga ija, musandifunse. Malata anawasanjikiza pansi pa mango dzinja lonse, madzi akulowa pakati osauma. Powatsegula, mbuu, ufa woyera paliponse. Iwo ati ndi fumbi, anapukuta ndi chiguduli. Sanadziwe kuti ufawo ndi zinki amene wadyeka. Atakhoma, kalipentala watsopano anadulanso ndi galayinda, zothetheka zija kugwera pamalata, timadontho ta dzimbiri mbwee. Kukhitchini, ndi utsi uja, kunafiira koyamba. Mpaka lero amanena kuti kalipentala woyamba anawalodza. Azakhali musawauze kuti ndanena.

Ndimafuna kunena chiyani... eya. Chimene chimatchinga dzimbiri ndi zinki wokutira pamwambayo. Kukhuthala kumangochedwetsa kubooka dzimbiri likayamba kale. Zinki ali ndi nambala yake, ena amaidinda palata, ena ili papepala la katundu. Z275 ndiye kuti magalamu 275 pa sikweya mita imodzi, mbali zonse ziwiri kuphatikiza. Z100 ndi 100 basi. Zinki amadyeka pang'onopang'ono chaka ndi chaka, ndiye kuchuluka kwake ndi kumene kumapereka zaka. Tingoyerekeza: pamalo pamene Z275 ingakhale zaka 30 dzimbiri lisanaoneke, Z100 ndi zaka ngati 11. Onsewo mushopu amanyezimira chimodzimodzi, maso sangakuthandizeni.

Ndiye lata lokhuthala la zinki wochepa lichita dzimbiri msanga kuposa lopyapyalako pang'ono la zinki wambiri. Mwamva? Geji ndi ya mphepo ndi misomali, zinki ndi ya dzimbiri, funsani zonse ziwiri.

Kwa agogo kuja kumaomba mphepo, 32 iiwaleni. Mukafika mushopu funsani nambala ya zinki ija, akayamba kukanda mutu tulukani. Mujambule chidindocho mutumize pagulu pano, ndi lisiti lomwe, asuweni, lisiti lomwe. Ndipo malatawo akafika muwaike m'nyumba pouma, mango aja adakalipo.