Avereji yanu ndi ya mwini sukulu uja, si yanu

*Alangizi, ndimagulitsa usipa wouma wa ku Nkhata Bay mumsika waukulu wa Mzuzu. Masabata awiri apitawa, Lolemba mpaka Loweruka, ndinagulitsa motere (m'masauzande): 38, 42, 35, 55, 29, 60, kenako 40, 33, 310, 45, 37, 56. Tsiku la 310 mwini sukulu ina yogonera konko anagula matumba. Mwana wanga wawerengera kuti avereji ndi K65,000 patsiku. Pa K100 iliyonse ndimapindula K25. Ndikufuna ngongole yobweza K70,000 pasabata. Kodi ndikatenge ku banki m'khonde kapena kubungwe lobwereketsa ndalama? — Mayi wa ku Chibavi*

Mayi, za kumene mukatenge ngongolezo tiziike kaye pambali. Mwana wanu sanalakwitse samu, ndipo musamukalipire: masiku 12 awonkhetsa K780,000, kugawa ndi 12 ndi K65,000 ndithu. Vuto ndi loti nambalayo mwaifunsa funso limene siingayankhe.

Tengani kope lanu, muwerenge masiku amene munagulitsadi K65,000 kapena kuposa. Ndi limodzi. Masiku ena 11 onse ali pansi pake, ngakhale Loweruka lanu labwino lija la 60 silinafikepo. Ndiye nambala imene mukuitcha "malonda anga a patsiku" munaifika kamodzi kokha pamasabata awiri, ndipo tsiku limenelo munaidutsa kutali.

Chifukwa chake chili m'kachitidwe ka avereji. Mukawonkhetsa zonse n'kugawa, ndiye kuti mwathira ndalama za masiku onse m'lichero limodzi, kenako mukugawira tsiku lililonse mulu wofanana. Tsiku la mwini sukulu lija linaposa 65 ndi 245. Masiku 11 aja, mukawonkhetsa zimene lililonse linaperewera kuti lifike 65, mupezanso 245 yomweyo. Si mwangozi ayi, avereji imakhala pamalo pamene zopitirira ndi zoperewera zalingana, ngati sikelo ya mbale ziwiri. Tsono onani: mbale ina muli masiku 11, mbale ina muli tsiku limodzi lokha, ndipo sikelo yaima chilili. Avereji siiwerenga kuti masiku ali angati mbali iyi ndi iyo. Imamvera kutalika kwa nambala iliyonse, ndipo yotalikitsitsa ndiyo imakoka kwambiri.

Chotsani tsikulo muone. Zotsala ndi 470, kugawa ndi 11 ndi pafupifupi 43. Ndiye kuti kasitomala mmodzi anawonjezera K22,000 patsiku lililonse la m'kope mwanu, kuphatikizapo Lachisanu lija munakhala padzuwa n'kugulitsa 29. Akanagula za K1,000,000, avereji ikanalumpha kufika K122,500, pamene benchi lanu, makasitomala anu a timilu ndi malo anu mumsika zili chimodzimodzi.

Nambala imene ikuyankha funso loti "tsiku wamba limandipatsa zingati" ndi nambala yapakati, imene kusukulu amati midiyani. Siifuna kakyuleta. Lembani manambala anu motsatana kuyambira wamng'ono:

29, 33, 35, 37, 38, 40, 42, 45, 55, 56, 60, 310

Fufutani mmodzi kumanzere, mmodzi kumanja, mubwerezebwereze mpaka mufike pakati. Masiku akakhala 11 kapena 13 pamatsala nambala imodzi, ndiyo imeneyo. Anu ndi 12, ndiye patsala awiri, 40 ndi 42, ndipo mumatenga pakati pawo: 41. Theka la masiku anu munagulitsa zosakwana K41,000, theka linalo munaposa. Ambiri amalakwitsa pamenepa, amaloza pakati pa tsamba la kope osasanja kaye manambala. Mukanatero mukanatenga 60 ndi 40 n'kupeza 50, nambala yopanda tanthauzo lililonse. Kusanja ndiye ntchito yonse.

Tsiku la 310 silinatayidwe, lili pamzere pomwepo kumapeto. Kungoti pano lawerengedwa ngati tsiku limodzi, monga anzake. Lisinthireni ku 1,000 kapena 5,000, yapakati ikhalabe 41, chifukwa imangoyang'ana amene waima pakati pa mzere, osati kunenepa kwa amene ali kumapeto. Mwana wanu akakhala ndi pulogalamu ya matebulo pafoni kapena pakompyuta, alembe manambalawo kuyambira B2 mpaka B13, kenako izi:

```
=AVERAGE(B2:B13)
=MEDIAN(B2:B13)
```

Ziwirizi zizikhala moyandikana nthawi zonse. Zikayandikana, monga 43 ndi 41, malonda anu ndi osalala ndipo iliyonse ikhoza kugwira ntchito. Zikatalikirana monga 65 ndi 41, pali tsiku kapena masiku ochepa amene akukoka, ndipo muyenera kuwafufuza ndi chala m'kope. Avereji ikakhala pamwamba, chokoka ndi chachikulu. Ikakhala pansi pa yapakati, pali masiku ochepa oipitsitsa amene akuikokera pansi.

Tsopano ngongole ija. Mwa avereji, phindu ndi K16,250 patsiku, K97,500 pasabata. Mukachotsa K70,000 patsala K27,500, ndipo mtima ukuti zitheka. Koma onani sabata yoyamba payokha, imene munalibe mwini sukulu. Munagulitsa 259, phindu lake K64,750. Silikukwana n'komwe kubweza K70,000, musanagule ufa, musanalipire chiphaso cha msika, musanakwere kabaza kubwerera ku Chibavi. Zoperewerazo zichokera kumpamba. Mukapita kukapikula ulendo wotsatira mutenga usipa wochepa, mugulitsa zochepa, sabata inayo dzenje likula. Mwina mudzati katundu wangongoleyo awonjezera malonda. N'kutheka, koma umboni wake mulibe m'kope, pamene K70,000 ija ndi yotsimikizika.

Apa ndiye pamene ndimakwiya ndi obwereketsa ena. Amafunsa funso limodzi, "patsiku mumapanga zingati?", ndipo munthu amatchula nambala yokoma, iwo n'kulemba osapempha kuona kope. Sawopa kanthu chifukwa chikole alemba kale, kaya ndi mbaula, matiresi kapena malata. Ndipo tsiku lobweza silidziwa za avereji. Limabwera sabata iliyonse, yonona ndi yowonda yomwe. Simungauze msungichuma wa gulu kuti "dikirani, sabata ya mawa kubwera wa sukulu, zikalingana." Chindapusa chimayamba tsiku lomwelo. Ngongole imabwezedwa ndi sabata wamba, choncho iyezedwe ndi sabata wamba.

Chenjerani pano, chifukwa nayonso yapakati ili ndi malire ake, ndipo anthu akangoidziwa amaiika paliponse ngati mchere. Musatenge 41 n'kuchulukitsa ndi masiku kuti mupeze ndalama zonse zimene zinalowa. 41 kuchulukitsa ndi 12 ndi 492, pamene m'thumba munalowa 780. Avereji yokha ndi imene imabwerera kuchiwonkhetso ndendende. Mukafuna kudziwa ndalama zonse za mwezi, kapena usipa wonse umene munagulitsa pachaka, funsani avereji kapena ingowonkhetsani. Ndalama za mwini sukulu ndi zenizeni, zinalowadi. Zimene sitikufuna n'kuti muziyembekezere tsiku lililonse.

N'chifukwa chake pangongole yobweza pasabata, musatenge yapakati ya masiku. Wonkhetsani sabata iliyonse payokha, musanje ziwonkhetso za masabatawo, mutenge yapakati yake. Masabata awiri ndi ochepa kwambiri, pakati pa 259 ndi 521 palibe chimene mungaphunzire. Lembani masabata 9 kapena 13, kuti mulowe masabata a kumapeto kwa mwezi pamene apantchito alandira, ndiponso apakati pamwezi pamene msika umazizira. Mukasanja, musangoyang'ana pakati. Yang'ananinso sabata yachiwiri kapena yachitatu kuchokera pansi, chifukwa theka la masabata anu lidzakhala pansi pa yapakati, ndipo nawonso adzafuna kubweza. Ine ndinganene kuti chobweza chisapitirire theka la phindu la sabata yapakati. Mwa manambala a sabata yanu yoyamba, ndiye pafupifupi K30,000, osati K70,000.

Funso limene likanasintha yankho langa ndi ili: kodi mwini sukulu adzabweranso, ndipo liti? Ngati munagwirizana kuti azitenga masabata awiri aliwonse teremu yonse, ndiye tsikulo si lachilendo, ndi gawo la bizinesi yanu. Pamenepo mukhale ndi masamba awiri m'kope, la pabenchi ndi la maoda, lililonse ndi manambala ake, ndipo mupemphe kubweza pamwezi m'malo mwa pasabata kuti oda izigwera mkati mwa nthawi yobweza. Kumbukiraninso kuti sukulu zimatsekera. Koma ngati anangodutsa chifukwa womugulitsa wake anasowa katundu tsiku limenelo, muwerengeni ngati mphatso. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndipo wogula matumba salipira mtengo wa timilu, amanenerera. Kodi K25 pa K100 ija inakwanadi pa oda imeneyo? Kodi analipira zonse, kapena zina "adzatumiza"? Ngati theka lili pangongole, 310 ija sinalowe n'komwe yonse.

Mbali ya ndalama zotuluka zinthu zimatembenuka, ndipo apa yapakati ikhoza kukunamizani koopsa. Masiku ambiri mumawononga zochepa, za chiphaso, kabaza ndi majumbo, tinene K4,000. Yapakati idzati K4,000. Koma lendi imabwera kamodzi pamwezi, fizi kamodzi pateremu, ndipo tsiku lina mvula ya Mzuzu ija, yosasankha mwezi, imanyowetsa thumba lonse usipa n'kuchita nkhungu. Zazikuluzi ndi zosowa, choncho yapakati siiziona, koma zimatuluka m'thumba lomwelo. Pa zotuluka gwiritsani avereji ya miyezi itatu kapena kuposa, ndipo muzipatula ndalama imeneyo tsiku lililonse ngakhale tsikulo silinaifune. Lamulo lake n'losavuta: chachikulu chosowa chikakhala cholowa, musachidalire, chikakhala chotuluka, chiwerengereni.

Chomaliza ndi kope lenilenilo. Masiku anu 12 onse ali ndi malonda, ndipo ndikufunsa: kodi sipakhala tsiku limene mumapita kumaliro, kapena kutsika ku Nkhata Bay kukapikula, benchi n'kutseka? Amalonda ambiri tsiku lotere salilemba, amangolumpha mzere. Lembani 0. Mukasiya maziro, avereji ndi yapakati zonse zimakwera monama, chifukwa mwabisa masiku oipa. Chimodzimodzi kamulu kamene mlamu watenga "adzalipira", ndi K5,000 imene mwatumiza kumudzi kuchokera m'chitenje cha malonda: zilembedwe tsiku lomwelo, patsamba la zotuluka.

Lembani motero mpaka masabata akwane 9, musanje, mundilemberenso nambala yachisanu pamzerewo ndi yachiwiri kuchokera pansi. Za banki m'khonde ndi bungwe tidzakambirana pamenepo.