Cauchy-Riemann ikagwirizana, musafulumire kutseka kope

"Anzanga, ndayesa f(z) = |z|² ndi maikweshoni a Cauchy-Riemann, koma akugwirizana pa z = 0 pokha. Ndiye ndilembe kuti ili ndi derivetivu kapena ilibe? Mutu waima."

Simunalakwitse ayi. Ili nayo pa 0 pokhapo, kwina konse ilibe. Koma pali mzere umodzi woti muonjezere, apo ayi yankho lanu likhala losakwanira.

Tiyambe ndi komwe maikweshoniwa achokera. Tilembe z = x + iy ndi f = u + iv, ndipo u_x ndi derivetivu ya u motsata x, u_y motsata y, chimodzimodzinso v_x ndi v_y. Derivetivu ndi limiti ya [f(z + h) − f(z)]/h pamene h akuyandikira 0. Vuto ndi loti h ameneyu angabwere kuchokera mbali iliyonse, ndipo yankho liyenera kukhala limodzimodzi. Akabwera chopingasa, motsata x, mumapeza u_x + i·v_x. Akabwera chotsika, motsata y, mumapeza v_y − i·u_y. Mukafananitsa ziwirizi ndiye mumapeza u_x = v_y ndi u_y = −v_x. Onani bwino: mwayesa njira ziwiri zokha, pomwe njira zofikira pamalopo ndi zosawerengeka.

N'chifukwa chake maikweshoniwa akakana, nkhani yatha, derivetivu palibe. Pa fankishoni yanu u = x² + y² ndipo v = 0, ndiye pakufunika 2x = 0 ndi 2y = 0. Malo ena onse agwa pomwepo.

Akavomera ndiye pamafunika kusamala. Tengani f(z) = √|xy|. Motsata x kapena motsata y, fankishoniyi ndi 0 basi, choncho pa z = 0 zonse zinayi, u_x, u_y, v_x ndi v_y, ndi 0. Cauchy-Riemann yavomera bwinobwino. Tsopano bwerani chopendekeka, h = t + it. Pamwamba pali |t|, pansi pali t(1 + i). Ngati t ali pamwamba pa 0 mupeza 1/(1 + i), ngati ali pansi pa 0 mupeza −1/(1 + i). Mayankho awiri osiyana, ndipo onse si 0 yemwe njira zoyamba zija zinatipatsa. Derivetivu palibe, ngakhale mayeso inakhoza. Ine chitsanzo chimenechi chinandigwetsapo, n'chifukwa chake sindichiiwala.

Mzere woonjezera uja ndi uwu: sonyezani kuti u_x, u_y, v_x ndi v_y zilipo mozungulira malowo ndipo ndi zosadukiza, sizidumpha. Zikatero, komanso maikweshoni akagwirizana, derivetivu ilipo ndithu, ndipo ndi u_x + i·v_x. Zanu ndi 2x, 2y, 0 ndi 0, zosadukiza paliponse, ndiye f′(0) = 0. Ngati mukukayikabe, |h|²/h ndi h̄, yemwe akupita ku 0 kulikonse komwe angachokere.

Chenjeraninso ndi mmene funso lafunsidwira. Likati kodi ndi analitiki, yankho ndi ayi, ngakhale pa 0 pomwepo, chifukwa analitiki imafuna derivetivu pa kadera konse kozungulira malowo, ndipo |z|² ili nayo pa kadontho kamodzi kokha.