Mpando muupereke anthu akuona

"Ndatsogolera fakitale ya tiyi ku Thyolo zaka 11 ndipo mwezi uno ndikupuma pa ntchito. Andiuza kuti ndikaonetse manijala watsopano kwa antchito. Ndi mayi wachitsikana, wochokera ku kampani ina. Ndikanene chiyani?"

Bambo, wantchito akamva kuti bwana akuchoka, mtima wake umathamangira ku malipiro. Amafuna kudziwa ngati tsiku lolandira lisinthe, ngati ovataimu yake ilowebe, ngati aganyu a nyengo ya mvula adzaitanidwenso masamba akachuluka mu Disembala. Mawu anu ayambire pamenepo. Mbiri ya zaka zanu isungireni phwando lotsanzikana.

Asonkhanitseni pa nthawi yosinthana mashifiti kuti ausiku nawo adzimvere okha, osati kumva zam'maluwa. Makina azimitsidwe. Mphindi zisanu zakwana, chifukwa tiyi amene ali kale pa mzere sadikira munthu, amapsa mopyola. Dzulo lake mukhale mutaonana ndi akapitawo ndi atsogoleri a yuniyoni, kuti asamvere nkhaniyo pagulu ngati alendo.

Mutalonjera, munene motere: "Kuyambira Lolemba, mayi awa ndiwo mwini mpando uno. Makalata a tchuthi, madandaulo ndi ndandanda ya mashifiti azisaina ndi iwowa. Mgwirizano wanu uli ndi kampani, osati ndi ine, ndiye tsiku lolandira silisintha. Nkhani ya ovataimu ya mwezi watha ndi ya magolovesi a ku boila sindinaimalize, ndawapatsa yolembedwa." Chiganizo chomalizachi n'chimene ambiri amachiopa, koma chimawateteza mayiwo kuti asasenze mlandu wanu. Kungoti musalonjeze m'malo mwawo kuti nkhanizo zitha liti.

Za madigiri awo musawerenge. Nenani chinthu chimodzi chimene munaona ndi maso anu, mwina kuti mmene mumayendera fakitale anapisa dzanja m'masamba ofota n'kufunsa kuti agona maola angati. Wa pa makina amalemekeza zimenezo. Ndipo chonde musawatche "mwana wanga" kapena kupempha anthu kuti "muziwaphunzitsa". Mukatero mwawavula ulemu pamaso pa amuna amene akukayikira kale msinkhu wawo. Atchuleni ndi udindo wawo.

Chimene chimandipweteka n'chimene ndinaona pa fakitale ina imene ndinkagwirako. Bwana wathu, munthu wabwino ndithu, anamaliza ndi mawu akuti, "Ndikadalipo, chikavuta mundiimbire." Tinaombera m'manja. Posakhalitsa akapitawo ankapita kunyumba kwake madzulo kukafunsa ngati atsatire zimene watsopanoyo walamula, ndipo m'fakitale munkangomveka kuti "abwana akale sankatero".

Inuyo mukatha kulankhula, tulutsani makiyi a ofesi, muwapereke m'manja mwawo aliyense akuona. Kenako chokani kutsogoloko mukaime pambali ndi akapitawo. Mafunso ayankhe ndi mayiwo, ndipo lamulo loti makina ayakenso lichoke pakamwa pawo.